Pusi pa Mpikisano wa Makwaya

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mwambiwu timakonda kuponyera mnyamata wa zibwenzi ziwiri, kapena wageni amene wayamba za makala ndi za kaunjika asanabweze ngongole ya tomato. Koma wofuna kumuona pusiyu ali pantchito apite kutchalitchi madzulo a tsiku lophunzira nyimbo, kalata ya mpikisano wa makwaya itangowerengedwa. Pamabenchi pali anthu 32, ndipo aliyense wafumbata kanthu kokoma kamene akufuna kalowe m'nyimbo. Mlembi akuti ndime zonse ziyimbidwe. Atsikana aona masitepe atsopano pafoni. Wakiyibodi wapeza kayambidwe kokometsera kamene wakhala akukayeserera kunyumba. Mayi wa sopulano yamphamvu akuti pothera amusiye akwere yekha. Palibe wabweretsa choipa, ndipo vuto lagona pomwepo, chifukwa choipa sichivuta kukana.

Mipikisano yambiri ya m'mipingo imafuna nyimbo ziwiri. Yoyamba ndi setipisi, imene okonza mpikisano amatumiza ku makwaya onse ili pa manotsi. Kawirikawiri manotsiwo amakhala a do, re, mi, kalembedwe kamene John Curwen anafalitsa ku England kuyambira m'ma 1840 potengera njira ya Sarah Glover wa ku Norwich, ndipo kuno kanafika ndi amishoni kudzera m'masukulu ndi m'matchalitchi. Pa setipisi mitengo yolumphira ndi yochepa, popeza majaji ali ndi pepala lomwelo m'manja ndipo akutsatira ndi chala. Nkhalango yeniyeni ili pa nyimbo yachiwiri, yodzisankhira, imene kwaya imatha kuipeka yokha kapena kuitenga m'buku n'kuikonza mwa njira yake. Apa ndi pamene mphunzitsi wa kwaya amagona mochedwa.

Woyamba kukana zokoma si mphunzitsi, ndi wotchi. Tiyerekeze kuti kwaya yathu ya anthu 32 yasankha nyimbo ya ndime zisanu ndi imodzi yokhala ndi kolasi, ndipo kalata yanena kuti nyimbo isapitirire mphindi zisanu. Ndime iliyonse ili ndi mabiti 64, kolasi ili ndi 32, ndipo nyimboyo imakoma ikamayenda mabiti 80 pa mphindi. Ndiye kuti ndime imatenga masekondi 48, kolasi 24, zonse pamodzi 72. Ndime zonse zisanu ndi imodzi zidya mphindi 7 ndi masekondi 12. Ndime zinayi, kuphatikizapo masekondi 12 a kayambidwe ka kiyibodi, zikwana mphindi zisanu ndendende, popanda mpata ngakhale wopumira kapena wochepetsa liwiro pothera. Ndime zitatu zimasiya malo: kayambidwe, ndime zitatuzo, kolasi yobwereza kumapeto ndi kutsetsereka kwa mzere womaliza, zonsezi zimathera cha pa mphindi zinayi ndi masekondi 20. Masamu ake ndi a pulayimale, koma makwaya ambiri amawachita sabata yomaliza.

Pusi akamva masamuwa sagonja msanga. Amati tithamangitse nyimbo. Ndipo n'zoona: pa mabiti 100 pa mphindi, ndime zisanu ndi makolasi ake zimalowa mu mphindi zinayi ndi masekondi 48. Koma nyimbo imene inabadwa kuti iziyenda ikathamangitsidwa, zoyamba kufa ndi zilembo zing'onozing'ono. M wa kumayambiriro kwa mawu monga mtima kapena mtendere amafuna kanthawi kake, ndipo liwiro likakwera amamezedwa. Oyimba amayamba kuba mpweya pakati pa liwu, besi amafika mochedwa pa biti iliyonse, ndipo jaji amene sanamvepo nyimboyo amangomva chuni chopanda uthenga. Ndime zisanu zimene munthu sanamve n'zochepa kuposa zitatu zimene wamva.

Tsono zitatu ziti? Njira ya aulesi ndi kutenga yoyamba, yachiwiri ndi yomaliza, ngati mmene mtsogoleri wa mapemphero amachitira nthawi ikatha. Njira yabwinopo ndi kuwerenga ndime zonse mokweza, popanda chuni, n'kuona pamene nkhani ikukhotera. Nyimbo zambiri za m'tchalitchi zimayenda ulendo: zimayamba ndi kusauka kwa munthu, pakati pamachitika kanthu, kumapeto kuli chiyembekezo kapena chiyamiko. Tinene kuti m'nyimbo yathu ndime yoyamba ndi yachiwiri zonse zikudandaula, yachitatu ikupempha, yachinayi ndi pamene yankho likufika, yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi zikuyamika. Wotenga yoyamba, yachiwiri ndi yomaliza wadandaula kawiri kenaka n'kuyamba kuyamika popanda chomwe chachitika. Wotenga yoyamba, yachinayi ndi imodzi mwa zomaliza wasunga msana wa nyimbo.

Pali chinanso chimene maso saona koma pakamwa pamadziwa. M'Chichewa kulemera kwa liwu kumagwera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: timati chiKOndi, chipuluMUtso. Nyimbo zambiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu zinamasuliridwa kuchokera ku zachingerezi n'kuvekedwa pa machuni omwewo, amene mizere yake imakonda kuthera pa biti yolemera. Omasulira anayesetsa, koma m'ndime zina biti yolemera imagwera pa phatikizo lolakwika, ndipo liwu limamveka lopunduka. Ngakhale opeka athu a lero amagwa m'dzenje lomweli akalemba ndime yoyamba mogwirizana ndi chuni kenaka n'kukakamiza zinazo kuti zilowe. Choncho pa ndime ziwiri zoyamika zija, mphunzitsi aziyimbe zonse pang'onopang'ono akuwomba m'manja, aone imene mawu ake akukhala bwino pa mabiti. Aonenso lembo la liwu limene lagwera pa notsi yapamwamba kwambiri. Ngati ndi a, pakamwa pamatseguka ndipo a sopulano amakwera mosavuta. Ngati ndi i kapena u, kukhosi kumapanikizika, mawu amatuluka owonda, ndipo kawirikawiri amaperewera pang'ono kufika pa notsiyo. Ndime ziwiri za tanthauzo lofanana zimasiyanitsidwa ndi lembo limodzi limeneli.

Kufika apa mwambi ukupambana. Koma pa ndime yachinayi ija uyamba kutsimphina. Bwanji ngati ndime yokhotera nkhani ndi yomwe ili yovuta kuyimba, ya mawu othithikana, ya i pamwamba penipeni? Wotsatira mwambi mwachimbulimbuli angati siyani zovuta, gwirani chimodzi chimene mungathe. Komatu apa kwaya ikufunika zinthu ziwiri nthawi imodzi, uthenga wathunthu ndi mawu osalala, ndipo kusiya chimodzi ndiko kugwa. Chimene mphunzitsi wodziwa amachita ndi kuisunga ndimeyo n'kuilipirira. Amaipatsa theka la nthawi yonse yophunzira. Amauza a sopulano kuti pa i wapamwambayo atsitse chibwano, lembolo likhale ngati likupendekera ku e, kusintha kumene womvera ali patali sakuzindikira. Ngati nyimboyo ndi yopeka okha, amakhala pansi ndi wopekayo n'kusintha liwu limodzi. Pusi sanagwe chifukwa chokhumba zipatso ziwiri. Anagwa chifukwa anasiya nthambi ina asanagwiritse inzake.

Ndiponso, mwambiwu uli ndi anthu amene amabisalamo. Alipo aphunzitsi amene amadula nyimbo bwinobwino n'kutsala ndi ndime zitatu, kenaka n'kuziyimbitsa zonse mofanana, mphamvu imodzi, liwiro limodzi, nkhope imodzi, ati kuopa kuchulutsa. Amaiwala kuti majaji akhala pampando kuyambira m'mawa, amva setipisi imodzimodzi kuchokera ku makwaya khumi ndi angapo, ndipo makutu awo atopa. Ndime zitatu zikufunika nkhope zitatu. Yodandaula ija angaiyambe amuna okha pa chuni chimodzi, motsitsa, amayi n'kulowa pa mzere wachitatu. Yokhotera nkhani angaiyimbe mbali zonse zinayi kiyibodi italeka, kuti mawu a anthu amveke okha. Yoyamika ndiyo ilandire ng'oma, visekese ndi mphamvu zonse zimene zinasungidwa. Izi ndi zokoma zitatu m'nyimbo imodzi, ndipo palibe wagwa chagada, chifukwa chilichonse chabwera pa nthawi yake ndipo chikutumikira mawu a ndime imeneyo. Kwaya imene imagwa ndi imene imathira zonse zitatu m'ndime yoyamba n'kusowa chopereka m'yachitatu. Izi zimaonekera pa kolasi yomaliza: kondakitala akutambasula manja kupempha mphamvu, koma palibe chikuwonjezeka, kungoti mitsempha ya m'khosi yatuluka.

Pa kulinganiza mbali za mawu ndi pamene mwambi umakumana ndi mdani wake weniweni, chifukwa kwaya mwachibadwa ndi zokoma zinayi zochitika pakamodzi. Sopulano akoma, aluto akoma, tena akoma, besi akoma, ndipo sungasankhepo mmodzi. Tione kwaya yathu ija. Mwa anthu 32, a sopulano alipo 14, a aluto 9, a tena 4, a besi 5. Aliyense amene anayimbapo m'kwaya ya mpingo akuidziwa nkhope imeneyi, amuna amasowa ndipo tena ndiye amasoweratu. Ikayimba, womvera ali kumbuyo amamva chuni pamwamba, kunjenjemera pang'ono pansi, pakati pali mphako.

Maganizo oyamba amakhala owerenga mitu: a sopulano achuluka, tichotse atatu. Koma khutu siliwerenga choncho. Anthu awiri oyimba mofanana samveka kuwirikiza kawiri mphamvu ya mmodzi. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri pamafunika anthu pafupifupi khumi pamalo pa mmodzi. Choncho kuchotsa atatu pa 14 kumasintha zochepa kwambiri. Mbali ina ya choonadi chomwechi ndi yowawa: mayi mmodzi woyimba mokuwa atha kufanana ndi anzake khumi oyimba mofatsa. Onjezanipo kuti khutu la munthu limagwira msanga mawu okwera ndi owala kuposa otsika, komanso kuti a sopulano amayima kutsogolo pamene a besi mawu awo amadutsa m'misana ya anthu. Kwaya yathu siikulemera kumutu chifukwa cha chiwerengero chokha. Ikulemera chifukwa cha anthu awiri kapena atatu amene aliyense akuwadziwa mayina koma palibe akufuna kuwatchula.

Yankho lolakwika, limenenso limamveka kwambiri, ndi lakuti: "A besi, kwezani!" Munthu wa besi akakakamiza notsi yotsika, mawu ake amauma ndipo amachoka pa kiyi, ndiye maziko a nyimbo yonse apendama. Kulinganiza kumachokera pamwamba kutsika. Mbali yofooka kwambiri iyimbe mwa mphamvu yake yabwino, yosakakamiza, ndipo zinazo zitsike mpaka yofookayo imveke. M'kwaya yathu muyeso ndi a tena anayi aja. Lamulo losavuta limene oyimba amaligwira msanga ndi lakuti, ngati sukumva tena pamene ukuyimba, wakweza kwambiri. Kusuntha anthu kumathandizanso pakatipo. Mwa a sopulano 14 mumapezeka atatu amene anapita kumeneko chifukwa chuni n'chosavuta kuloweza, koma mawu awo ndi a aluto. Mwa a aluto mumapezeka amayi awiri a mawu akuya amene angathandize tena, chinthu chosadabwitsa kwa aliyense amene anamvapo amayi a Mvano kapena a Chigwirizano akudzigawira okha mbali zonse popanda mwamuna. Tikatero tili ndi 11, 10, 6 ndi 5, ndipo mphako ija yayamba kudzaza. Koma kusunthaku kuchitike kudakali miyezi, osati sabata ya mpikisano, chifukwa munthu wosamutsidwa mochedwa mantha akamugwira pasiteji amabwerera ku mbali yake yakale.

A aluto ali ndi nkhani yawoyawo, ndipo imaonekera kwambiri pa setipisi. Ambiri a ife tinaphunzira kuyimba ndi makutu, pamaliro ndi m'mapemphero a m'milaga, kumene wachiwiri amangotsata chuni chapansi pake, chikakwera akwera, chikatsika atsika. Kuyimba kumeneku n'kokoma ndipo n'kwathu. Koma pepala la setipisi nthawi zambiri limauza aluto kuti akhale pa notsi imodzi kwa mabiti anayi kapena asanu pamene sopulano akuyendayenda. Khutu limakana, limati tsatira mnzako, ndipo pofika sabata yachitatu a aluto apeka mbali yawo osadziwa. Mpingo sungazindikire, ungathe kuikonda kumene. Jaji wa pepala m'manja amaigwira pa mzere woyamba. Njira yozindikirira ndi kuyimbitsa aluto ndi besi okha popanda sopulano, akutchula do, re, mi m'malo mwa mawu. Amene ankatsamira pa chuni amasowa pogwira. Apa ndiye mwambi ukunena zoona zenizeni, chifukwa chokoma cha makutu ndi chokoma cha pepala sizikwera nthambi imodzi: cha makutucho chisungidwire nyimbo yodzisankhira, kumene palibe pepala lochitsutsa.

Pali chifukwa chinanso chosalola aluto kumira. Mbali zinayi zikaima pa do, mi, so, notsi imene imapatsa mgwirizanowo kutentha ndi mi, ndipo kawirikawiri imakhala m'kamwa mwa aluto kapena tena. Ikasowa, mgwirizano umamveka wouma ngakhale aliyense ali pa notsi yolondola. Ikayimbidwa yoperewera, pamodzi ndi ti amene amayeneranso kukhala m'mwamba, kwaya yonse imatsetsereka pang'onopang'ono. Ndime yathu yachinayi ija, yoyimba kiyibodi italeka, ndi pamene zimenezi zimaululika. Kiyibodi ikabwerera pa kolasi, ngati kwaya yatsika, mkangano wake amaumva ngakhale ogulitsa mandasi panja. Choncho pophunzira, ndimeyo ikangotha, wakiyibodi aziimba do kuti onse amve pamene afika. Ngati tsiku lililonse akupezeka atatsika, afufuze mzere wotsetsereka umene masitepe ake otsika akuwatenga aakulu kwambiri, kapena pamene mpweya ukuwathera. Zikakanika mpaka masabata awiri omaliza, pamenepo avomere kuti nthambi iyi sinawakwane, kiyibodi ikhalemo motsitsa.

Kiyi ndi mtengo wina wa zipatso mbali zonse. Tinene kuti nyimbo yathu ili mu G, notsi yapamwamba ya sopulano ndi la, imene ndi E, ndipo yapansi ya besi ndi do, imene ndi G wakuya. Wina anena kuti tikweze ku A kuti iwale. Iwaladi, ndipo a besi akondwa, koma a sopulano tsopano akukanda denga pa ndime ya i ija ndipo a tena ayamba kukuwa. Wina anena kuti titsitse ku F kuti amayi apume. Apumadi, koma do wa besi watsikira pa F, pamene amuna ambiri a m'makwaya athu amangotulutsa mpweya wopanda mawu. Kiyi siisankhidwa ndi mbali yochuluka anthu. Imasankhidwa poyang'ana malekezero awiri, ndipo iyesedwe pa nthawi imene kwaya ikayimbe. Mawu a m'mawa, anthu atadzuka usiku n'kukwera lole, si mawu a madzulo a kutchalitchi kwawo.

Zonsezi mphunzitsi sangazimve ali pamalo pake. Kondakitala amayima pamphuno pa mzere woyamba, kumene amamva kwambiri anthu atatu omuyandikira. Majaji amakhala chapatali, mawu atasakanizika kale. Choncho pa maphunziro aliwonse apereke ndodo kwa wina n'kupita kumbuyo, kapena aike foni pabenchi lakutali ijambule, kwaya yonse imvere limodzi. Foni ilibe chibale. Mayi uja amene sakanamva za munthu amadzimva yekha ali pamwamba pa anzake onse, ndipo nthawi zina sipafunikanso kulankhula.

Za pasiteji anthu amazipatsa nthawi yambiri kuposa imene zimafuna, mwina chifukwa zimasangalatsa kuphunzira. Zofunika zake n'zowerengeka. Kwaya ilowe ikudziwa aliyense poyima, isafike n'kuyamba kukankhana ndi zigongono. Iyime mokhota ngati uta kuti a kumapeto amvane, ndipo mizere yakumbuyo iyang'anire m'mipata ya mitu ya akutsogolo. Ambiri amakonda kuika besi kumbuyo kwa sopulano, chifukwa mbali ziwirizi zikamvana zapakati zimapeza malo mosavuta. Kundanda anthu potengera msinkhu kokha kumakongoletsa chithunzi, koma kukhoza kuika mayi wa mawu akuthwa kumapeto kwa mzere woyamba, pafupi ndi maikolofoni, ndipo ntchito ya miyezi itatu yolinganiza mawu yathera pomwepo. Iye malo ake ndi pakati pa mbali yake, mzere wachiwiri, kumene anzake amamumva n'kulimba mtima koma mawu ake amafika kwa majaji atakulungidwa. Yunifolomu ikhale yoyera ndi yofanana; ndalama za yatsopano sizikweza notsi ndi imodzi yomwe.

Masitepe ndiwo chipatso chonyezimira kuposa zonse. Kale panali mipingo imene inkaona kugwedeza thupi ndi ng'oma ngati zachikunja, ndipo zinatenga nthawi kuti zilowe m'nyumba ya mapemphero. Kwa Akatolika khomo linatseguka kwambiri utatha msonkhano wachiwiri wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965. Lero kwaya yoyima ngati mitengo pa nyimbo yachimalawi yoyamika ikunamiza nyimboyo, ndipo wonena kuti masitepe onse achotsedwe kuopa kugwa chagada wachita mantha chabe. Koma sitepe iliyonse imalipiridwa ndi mpweya. Kuwerama kumapanikiza mimba, kutembenuka kumachotsa pakamwa kwa omvera ndi maso kwa kondakitala, kulumpha kumagwedeza notsi yaitali. Kuyesa kwake n'kosavuta: jambulani kolasi kawiri, koyamba ataima, kachiwiri akuvina, kenaka mverani osayang'ana. Ngati mukutha kudziwa kuti apa ndi pamene anatembenuka, sitepe imeneyo yadya nyimbo. M'nyimbo yathu masitepe akhale pa kolasi, imene milomo ikuidziwa ngakhale kutulo, ndipo akule pamodzi ndi ndime: kugwedezeka chabe pa kolasi yoyamba, mapazi pa yachiwiri, thupi lonse pa yomaliza. Wang'oma achenjezedwe padera, chifukwa nthungululu zikalira manja ake amathamanga, ndipo mabiti 80 aja amasanduka 95 wina asanazindikire.

Malo nawo amasintha zimene munakonza. Holo ya simenti ndi malata imabweza mawu, ndipo zilembo zimapakana ngati simuzitchula mwakuthwa. Holo yomweyo ikadzaza anthu imamwa mawu, kwaya n'kudzimva yochepa kuposa mmene inadzimvera poyeserera m'mawa. Pabwalo la panja palibe chobwerera m'khutu, ndipo oyimba amayamba kukuwa poganiza kuti sakumveka. Awuzidwiretu kuti zidzatero ndipo asawonjezere kanthu. Wakiyibodi naye, ngati akugwiritsa ntchito kiyibodi ya pamalopo, asanagunde notsi yoyamba ayang'ane `TRANSPOSE` ngati ili pa 0. Kwaya imene yangotsika kumene mwina inaikweza kawiri, ndipo iye adzagunda G wake mokhulupirika koma chotuluka ndi A, kiyi yomwe ija munaikana mwezi wathawu. Mphunzitsi akhalenso ndi njira yoperekera do popanda magetsi, chifukwa magetsi sadziwa kuti lero ndi mpikisano.

Koma pali pamene mwambiwu sufikako n'komwe. Chipatso chimene pusi wachisiya sichidandaula, pamene zokoma zimene mphunzitsi amasiya zili ndi eni ake, ndipo eni akewo adzakhala naye pabenchi limodzi Lamulungu likubwerali. Ndime yachiwiri imene yadulidwa mwina ndi imene wopeka anailemba atataya mwana. Kukwera yekha kumene kwakanidwa mwina ndi chinthu chokhacho chimene mayi uja amayamikiridwa nacho pa moyo wake wonse. Ndipo kalata ija ikanena kuti pasiteji pasapitirire anthu 30, awiri mwa 32 ayenera kutsala. Khutu likudziwa kale kuti mmodzi ndi agogo amene anayambitsa kwayayi, amene mawu awo tsopano amanjenjemera ndipo amatsalira pa notsi zazitali.

"Aphunzitsi, musavutike, ine ndikasunga zikwama," amatero agogowo, mphunzitsi asanatsegule pakamwa, chifukwa nawonso ali ndi makutu.

"Ayi amayi, tiyeni tiganize kaye," amayankha iye, akudziwa kuti kuganiza kwake kwatha kale kapena sikudzatha.

Ine sindikhulupirira kuti yankho lake ndi limodzi kwa makwaya onse. Kwaya imene yalowa mpikisano kuti ipambane, ndipo inagwirizana zimenezo poyera kuyambira tsiku loyamba, ili ndi ufulu wosankha ndi khutu, malinga muyeso wake ukhale wodziwika ndi wofanana kwa onse: kubwera ku maphunziro, kutha kuyimba mbali yako m'gulu la anthu anayi, mmodzi pa mbali iliyonse. Muyeso wotere nthawi zina umadabwitsa, chifukwa umagwetsa mnyamata wa mawu okoma amene amabwera mwa apo ndi apo n'kusiya agogo ali chiimire. Kwaya imene ikuona mpikisano ngati ulendo wa mpingo ikhoza kuwatenga agogowo, kuwaika pakati pa aluto awiri olimba, kuwapempha kuti pa ndime yopanda kiyibodi ayimbe chapansipansi, n'kulandira mamalikisi amene atayike. Chimene chimaphwanya makwaya ndi kusanena kuti tili mbali iti mpaka Lachisanu usiku, lole itabwerekedwa kale ndipo yunifolomu ya agogo itasitidwa. Za ndime yachiwiri ndiye n'zosavuta kukonza: kwaya iphunzire nyimboyo m'mitundu iwiri, ya ndime zitatu ya majaji ndi ya ndime zisanu ndi imodzi ya kutchalitchi, ndipo yathunthuyo iyimbidwe pamaso pa mpingo, wopekayo alipo, mpikisano usanachitike.